Kukumbutsa ngongole mwaulemu popanda kubisa tsiku ndi chindapusa

Uthenga wokumbutsa munthu za ngongole umakhala waufupi, koma ukalembedwa molakwika umabweretsa mavuto kwa wobwereka ndi kwa bungwe lomwe. Ukakhala waukali, wobwereka amazimitsa foni, amasiya kubwera kumisonkhano ya gulu, ndipo ena amathamangira kwa akatapila kukatenga ngongole ina yoipa kuposa yoyamba kuti atseke dzenjelo. Ukafewa kwambiri, munthu amauwerenga ngati moni wamba, tsiku limadutsa, kenako amadzidzimuka ndi chindapusa chimene sanachiyembekezere n'kuyamba kunena kuti bungwe lamubera.

Alangizi a ngongole m'mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono amakumana ndi vuto limeneli tsiku ndi tsiku. Ambiri amaganiza kuti ayenera kusankha chimodzi, ulemu kapena kunena zoona mosabisa, chikhalirecho zonse ziwiri zimakwana mu uthenga umodzi bola mlangizi azindikire kuti uthengawo uli ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ya mawu okhudza munthuyo, monga moni, katchulidwe kake, ndi momwe tikufotokozera chifukwa cholembera, ndipo imeneyi ikhoza kufewetsedwa mmene tingathere. Mbali yachiwiri ndi ya manambala: ndalama zingati, tsiku liti, chindapusa chanji. Mbali imeneyi inachokera mumgwirizano umene wobwereka anasaina, choncho mlangizi alibe mphamvu yoisintha kapena kuiphimba.

Chitsanzo chogwirira ntchito

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza. Mayi wina wogulitsa kaunjika mumsika wa Limbe wabwereka K300 000 pa 15 Meyi, yoti abweze m'miyezi isanu ndi umodzi. Mgwirizano wake ukuti chiwongoladzanja ndi K5 pa K100 iliyonse pamwezi, kuwerengera pa ndalama yonse imene anatenga. Izi zikutanthauza K15 000 pamwezi, kapena K90 000 pamiyezi yonseyo. Zonse pamodzi ayenera kubweza K390 000, zomwe zagawidwa m'magawo asanu ndi limodzi a K65 000, olipiridwa pa 15 mwezi uliwonse kuyambira Juni mpaka Novembala. Mgwirizanowo ukunenanso kuti ndalama iliyonse yochedwa imalipitsidwa chindapusa cha K2 pa K100 iliyonse pa sabata yathunthu imene yachedwa, ndipo chindapusacho sichiberekanso china. Mabungwe amasiyana pa mitengo ndi mawerengedwe, kotero mlangizi aliyense agwiritse ntchito zomwe zili mumgwirizano wa bungwe lake.

Mayiyu analipira bwino gawo la Juni ndi la Julaye. Pa 15 Ogasiti malonda sanayende, ndipo anatumiza K25 000 yokha. Yotsala pa gawo limenelo ndi K40 000. Chindapusa cha sabata imodzi pa K40 000 ndi K800, kotero pofika pa 22 Ogasiti ngongole yochedwayo idzakhala K40 800, ndipo pa 29 Ogasiti idzakhala K41 600.

Mlangizi wotopa akhoza kulemba kuti: “Mwalephera kubweza ngongole yanu. Bwezani msanga apo ayi tidzaona chochita.” Uthengawu walephera mbali zonse ziwiri. Ndi wamwano, chifukwa ukuweruza munthu amene walipira magawo awiri mokhulupirika ndipo wayesetsa kuperekako pa gawo lachitatu. Sukunenanso chilichonse chothandiza, popeza mulibe ndalama, mulibe tsiku, ndipo mawu akuti “tidzaona chochita” ndi chiwopsezo chopanda dzina. Mayiyo akhoza kuganiza kuti akubwera kudzalanda mabelo ake mawa, pamene chimene chili mumgwirizano ndi K800 chabe.

Mlangizi wachifundo naye akhoza kulemba kuti: “Mayi, tikungokukumbutsani za kangongole kaja. Mukapeza mubwezeko posachedwapa.” Uwu ukumveka bwino m'khutu, koma ndi woopsa kuposa woyamba uja, ndipo zifukwa zake zili m'Chichewa chenichenicho.

Mawu ofewa amene amasintha mgwirizano

Chichewa chili ndi njira zambiri zochepetsera ukali wa mawu, koma zina mwa njirazi zimasinthanso tanthauzo. Kamphatikiri ka “-ko” ndi chitsanzo chachikulu. Tikamapempha kanthu timati “mundithandizeko” kapena “mundigawireko”, ndipo zimamveka zaulemu. Koma tikanena kuti “mubwezeko” kapena “mulipireko”, tanena kuti munthu apereke gawo chabe la ndalamazo. Mayi uja akatumiza K10 000 ndiye kuti wachita ndendende zimene wauzidwa, ndipo akadzalipitsidwa chindapusa pa K30 000 yotsalayo adzakhala ndi chifukwa chomveka chodandaulira. Kamphatikirika kakhoza kugwira ntchito pa mawu ena mu uthengawo, monga “mutiimbireko foni”, koma kasayandikire mneni wonena za kulipira.

Chimodzimodzi ndi mawu akuti “mukapeza”. Mawuwa amachotsa tsiku la mumgwirizano n'kuikapo tsiku limene wobwereka adzasankhe yekha. “Posachedwapa”, “masiku akubwerawa” ndi “kumapeto kwa mwezi” nawonso satchula tsiku lenileni. Kwa wogwira ntchito yolipidwa pamwezi, kumapeto kwa mwezi ndi tsiku limene malipiro alowa, pamene kwa wina ndi pa 31. Ngakhale mawu akuti “mawa” ndi osadalirika mu uthenga wa pafoni, chifukwa munthu akhoza kuuwerenga patapita masiku awiri foni yake itakhala yopanda moto. Tsiku lilembedwe ndi nambala ndi dzina la mwezi, ndipo ngati n'kotheka ndi dzina la tsikulo musabata.

Kuchepetsa ngongole poitcha “kangongole”, kapena chindapusa pochitcha “kangachepe kowonjezera”, kumapatsa munthu chithunzi chakuti nkhaniyi ndi yosafunika kuithamangira. Mawu oyenera ndi “chindapusa”, otsatiridwa ndi nambala yake. Mawu akuti “chilango” ndi olemera mopitirira, chifukwa amamveka ngati munthu wapalamula mlandu, pamene “chowonjezera” ndi opepuka mopitirira, chifukwa sasiyanitsa chindapusa ndi chiwongoladzanja. Kusiyanitsa ziwirizi n'kofunika. Chiwongoladzanja chili kale mkati mwa K65 000 ya mwezi uliwonse ndipo sichipeweka, koma chindapusa chimabwera chifukwa cha kuchedwa ndipo munthu akhoza kuchipewa.

Pali mawu enanso amene alangizi amawanena pofuna kutonthoza: “musadandaule, tidzakambirana.” Wobwereka amamva ngati walonjezedwa kuti chindapusa chichotsedwa. Ngati kuchotsa chindapusa kapena kusintha masiku kuli m'manja mwa mkulu wa nthambi, mlangizi anene zomwezo poyera: kuti pempho likhoza kuperekedwa, koma mpaka litavomerezedwa molemba, masiku ndi chindapusa zikhala momwe zilili.

Kumene ulemu uyenera kukhala

Titachotsa mawu onsewa, ulemu uli ndi malo ake okwanira. Malo oyamba ndi pa moni ndi katchulidwe. Munthu wamkulu timamutchula kuti Mayi kapena Bambo ndi dzina la banja lake, ndipo timamulankhula m'chochuluka, kuti “inu” osati “iwe”, ngakhale akhale wamng'ono kwa mlangiziyo. Mlangizi adzitchulenso yekha ndi bungwe lake kumayambiriro, kuti wolandira uthenga asayambe ndi mantha a nambala yachilendo.

Malo achiwiri ndi pa kuvomereza zimene munthu wachita kale. Chiganizo chakuti “talandira K25 000 imene munatumiza pa 15 Ogasiti, zikomo” chimagwira ntchito ziwiri. Chimasonyeza kuti bungwe laona khama lake, komanso chimamupatsa mwayi wofananitsa ndi zolemba zake. Ngati anatumiza K35 000 koma makina analemba K25 000, cholakwikacho chidzaonekera pomwepo chisanabale mkangano.

Malo achitatu ndi pa mwininkhani wa chiganizo. Tikati “simunalipire”, chala chaloza munthu. Tikati “yatsala K40 000 pa gawo la Ogasiti”, chala chaloza ndalama, koma palibe choonadi chimene chatayika. Momwemonso, “tikupempha kuti mulipire” ndi kofewa kuposa “lipirani”, koma tanthauzo lake ndi limodzi. Apa m'pamene Chichewa chimatithandiza kufewetsa popanda kusintha kanthu.

Malo achinayi ndi pa kutsegula khomo. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma munthu wamanyazi kapena wamantha satsekula ngati sakudziwa kuti kunja kuli womumvera. Chiganizo chimodzi chomuitana kuti alankhule ngati wakumana ndi vuto, chokhala ndi tsiku loti achite zimenezo, chimathandiza kuti matenda, maliro kapena kuba kwa katundu zidziwike nthawi ikadalipo.

Tikaphatikiza zonsezi, uthenga wopita kwa mayi uja pa 18 Ogasiti ukhoza kukhala wotere:

“Muli bwanji Mayi Uje? Ndine mlangizi wanu wa ngongole ku bungwe lakuti. Talandira K25 000 imene munatumiza pa 15 Ogasiti, zikomo kwambiri. Pa gawo la Ogasiti la K65 000 yatsala K40 000. Mukalipira pofika pa 21 Ogasiti palibe chindapusa. Kuyambira pa 22 Ogasiti padzakhala chindapusa cha K800 sabata iliyonse, monga mwa mgwirizano wathu. Gawo lotsatira ndi K65 000 pa 15 Seputembala. Ngati pali vuto, chonde tiimbireni pasanafike pa 21 Ogasiti.”

Uthengawu uli ndi zinthu zisanu zimene wobwereka ayenera kuzipeza popanda kufunsa: zimene zalandiridwa, zimene zatsala, tsiku lomaliza lopanda chindapusa, kukula kwa chindapusacho, ndi gawo lotsatira. Taonani kuti chindapusa chalembedwa m'makwacha. Kunena kuti “K2 pa K100 iliyonse pa sabata” n'koona, koma kumasiya munthu ndi masamu oti achite ali pakati pa makasitomala. Taonaninso kuti nkhani yabwino yabwera poyamba, yakuti akalipira pofika pa 21 sipakhala chindapusa, kenako n'kubwera chotsatira cha kuchedwa. Kasanjidwe kameneka kamafewetsa uthenga kwambiri ngakhale nambala iliyonse ili pamalo pake. Gawo la Seputembala latchulidwa dala, chifukwa anthu ambiri akalipira zochedwa kumapeto kwa mwezi amaganiza kuti tsiku la gawo lotsatira nalo lasuntha.

Pamene tsiku ladutsa

Tiyerekeze kuti pa 22 Ogasiti ndalama sizinafike ndipo mayiyo sanaimbe. Chikumbutso chachiwiri chisinthe manambala koma chisasinthe ulemu. Chinene kuti yofunika tsopano ndi K40 800, ndipo chionetse kuti K40 000 ndi yotsala pa gawo la Ogasiti pamene K800 ndi chindapusa cha sabata imodzi. Chinenenso kuti pa 29 Ogasiti idzakhala K41 600. Kuphwanya nambala motere n'kofunika, chifukwa munthu amene anauzidwa K40 000 sabata yatha n'kuona K40 800 lero popanda kufotokozera amaganiza kuti wina akudyapo.

Ngati mgwirizano uli ndi zotsatira zina, monga kudziwitsa womuimira, kutenga pa ndalama zimene anasungitsa ngati chikole, kapena kutumiza mbiri ya kabwezedwe kake ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, zimenezi zinenedwe zisanachitike, pamodzi ndi tsiku limene zidzachitike. Mabungwe osunga mbiri ya ngongole amagwira ntchito m'dziko muno motsatira lamulo la 2010, ndipo mbiri yoipa ikhoza kulepheretsa munthu kupeza ngongole kwina. Kumubisira zimenezi poopa kumukhumudwitsa ndi kumulakwira. Koma mawu ake akhale ofotokoza: “malinga ndi mgwirizano, ngongole ikachedwa masiku akuti, bungwe limachita chakuti.” Mlangizi asatchule chotsatira chimene sichili mumgwirizano kapena chimene bungwe silikufuna kuchita. Kuopseza munthu ndi apolisi chifukwa choti wachedwa kulipira gawo la ngongole n'kumunamiza, popeza kulephera kubweza ngongole pakokha ndi nkhani ya mgwirizano wa anthu awiri, yosiyana ndi mlandu wakuba.

Njira imodzi yodziwira ngati chikumbutso chapitirira malire ndi kuyang'ana ngati chikunena za ndalama kapena za khalidwe la munthuyo. Mawu ngati “osakhulupirika”, “mukuthawa” kapena “mwatichititsa manyazi” sawonjezera chidziwitso chilichonse. Mfundo zotetezera obwereka zimene mabungwe a ngongole zing'onozing'ono padziko lonse amalimbikitsidwa kutsatira zimaika kunena zinthu poyera ndi kuchitira anthu ulemu pamndandanda umodzi, limodzi ndi kusunga chinsinsi cha kasitomala.

Zimene foni imasokoneza

Chinsinsi chimenechi chimavuta kwambiri pa uthenga wa pafoni. M'mabanja ambiri foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi anthu angapo, ndipo wobwereka wina analembetsa nambala ya mwamuna wake, ya mwana wake kapena ya mnzake wa pamsika. Mlangizi asanatumize manambala a ngongole atsimikize kuti foniyo ndi ya mwini ngongole. Ngati akukayika, atumize uthenga wongopempha kuti Mayi Uje aimbire mlangizi wawo, ndipo tsatanetsatane anenedwe akatsimikiza kuti akulankhula ndi mwiniwake. Kulemba dzina la munthu ndi zimene wachedwa nazo pa gulu la WhatsApp la anthu ambiri ndi kumuchititsa manyazi, ngakhale mawu ake akhale ofewa bwanji. Pa ngongole za m'magulu, pamene mamembala amaimirana, nkhaniyi ili ndi malo ake pamsonkhano wa gululo, komabe ndi bwino mwiniwake ayambe wamva yekha.

Palinso nkhani ya kutalika kwa uthenga. Uthenga umodzi wamba wa pafoni umanyamula zilembo 160, kuphatikizapo mipata. Ukapitirira apo umagawidwa m'zidutswa zimene foni yolandira imazilumikiza. Koma mukalembamo chilembo chimodzi chokha chosakhala pamndandanda wa zilembo wamba, monga w wa kadenga pamwamba amene ena amalemba m'dzina la dziko lathu, malirewo amatsika kufika pa zilembo 70, ndipo zidutswa zimachuluka. Uthenga wa chitsanzo chathu uja ndi wa zidutswa zingapo kale. Mlangizi akafuna kuufupikitsa, achepetse moni ndi mawu othokoza, koma zinthu zisanu zija zikhalebe zonse. Ndi bwinonso kuika ndalama ndi tsiku lake m'chiganizo chimodzi kuti zisalekanitsidwe.

Chifukwa cha akathyali amene amatumiza mauthenga onamizira mabungwe, chikumbutso chizinena kuti ndalama zilipiridwe kudzera njira imene wobwereka anauzidwa posaina mgwirizano, kaya ku ofesi, ku banki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo asunge lisiti kapena uthenga wotsimikizira. Mlangizi asapemphe kuti ndalama zitumizidwe pa nambala yake, ngakhale akufuna kumupeputsira munthu ulendo. Ndalama zikapita pa nambala ya munthu, buku la bungwe limapitiriza kuwerenga chindapusa, ndipo wobwereka alibe umboni wamphamvu.

Polankhula pakamwa

Pamene chikumbutso chikuperekedwa pafoni yolankhula kapena pamaso, chiyeso chofewetsa manambala chimakula, chifukwa mlangizi akumva mawu a munthu wovutika. Ayambe ndi moni wokwanira, afunse ngati ndi nthawi yabwino yolankhula komanso ngati munthuyo ali pamalo poti akhoza kukamba za ndalama, ndipo amve kaye za malonda ndi za pakhomo. Akatero anene manambala pang'onopang'ono. Pomaliza apemphe wobwerekayo kuti anene yekha zimene agwirizana: “Kuti ndilembe bwino, Mayi, mwati mulipira zingati ndipo tsiku liti?” Anthu ambiri amayankha kuti “chabwino” kapena “ndamva” chifukwa cha ulemu chabe, ndipo funsoli ndi limene limaonetsa ngati amvadi. Kukambiranako kutsatiridwe ndi uthenga wolemba wobwereza zomwezo.

Ngati mayi uja wanena kuti pakhomo pagwa maliro, chipepeso chibwere choyamba, ndipo nkhani ya ndalama ikhoza kudikira tsiku lina. Koma mlangizi asasiye munthuyo akuganiza kuti ngongole nayo yaima. Akadzalankhulananso, amuuze njira yopemphera kusintha masiku ngati bungwe lili nayo, amene amavomereza, ndi zimene zikuchitika ndi chindapusa pamene akudikira yankho.

Kwa wobwereka amene walandira chikumbutso, muyeso wake ndi womwewo. Afananitse manambala ndi ndondomeko ya kabwezedwe imene anapatsidwa potenga ngongole, ndipo ngati uthenga ulibe tsiku kapena kukula kwa chindapusa, afunse kuti amulembere. Mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono amayang'aniridwa ndi Banki Yaikulu ya Reserve motsatira malamulo a 2010 a ntchito za chuma ndi a ngongole zing'onozing'ono. Amene akuona kuti walipitsidwa chindapusa chosakhala mumgwirizano, kapena wachitidwa chipongwe potolera ngongole, ayambe wadandaula ku bungwe lomwelo molemba, ndipo ngati sanathandizidwe akhoza kukatula nkhaniyo ku ofesi ya woyang'anira mabungwe a zachuma ku bankiyo. Pa madandaulo otere, mauthenga amene mlangizi anatumiza ndiwo amakhala umboni wa mbali zonse ziwiri, choncho wobwereka awasunge osafufuta mpaka ngongole yonse itatha.